Marezista osakanikirana: ndiyambire pati kuti ndipeze rezistansi imodzi?

"Aphunzitsi, ndili Fomu 4 ndipo ndikukonzekera mayeso a MSCE. Mafomula a sirizi ndi paralelo ndimawadziwa pamtima, koma akangosakaniza ziwirizi mutu umaima. Pa funso lina panali batire la 12 V. Kuchoka pa batire pali R1 ya 4 Ω, kenako R3 ya 3 Ω pamzere womwewo wapamwamba. Pakati pa ziwirizi patsika R2 ya 12 Ω kupita ku waya wapansi wobwerera ku batire, ndipo kumapeto kwa R3 kwatsika R4 ya 4 Ω ndi R5 ya 12 Ω kupita ku waya womwewo. Ine ndinapeza 9.4 Ω koma yankho akuti ndi 8 Ω. Ndikusokoneza pati?" — Wophunzira wa ku Dedza

Mwana wanga, mtima pansi. Masamu ako alibe vuto, ndipo ndikutha kuona njira imene unadutsa kuti ufike pa 9.4 Ω. Unaphatikiza R1 ndi R3 n'kupeza 7 Ω, kenako unatenga R2, R4 ndi R5 ngati zili pa paralelo zonse zitatu n'kupeza 2.4 Ω, ndipo 7 kuphatikiza 2.4 ndi 9.4. Kuwerengako kunayenda bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chinakupusitsa ndi chithunzi. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa mutu umenewu, ana ambiri amene ndawachongera amagwa pa malo omwewa, pofuna kudziwa kuti ndi marezista ati amene alidi pa sirizi ndi ati amene alidi pa paralelo. Ndiye tikhalitsa pamenepo.

Marezista awiri kukhala pamzere umodzi papepala si umboni woti ali pa sirizi. Wojambula akhoza kuwaika mopingasa, choimirira kapena mopendekeka, magetsi sadziwa zimenezo. Chimene magetsi amatsata ndi pamene mawaya akumana. Marezista awiri ali pa sirizi pokhapokha ngati mwendo wa ina walumikizana ndi mwendo wa inzake, ndipo pa malo olumikiziranawo palibenso china chilichonse chimene chagwirapo. Zikatero karenti yonse yotuluka mu yoyamba ilibe kwina kolowera, imalowa yonse mu yachiwiri. Ganizira ngalande ya kudimba: madzi odutsa pa mpata woyamba ndi omwewo odutsa pa mpata wachiwiri, pokhapokha ngati wina sanapatule kanjira pakati. Akangopatula, madzi ofika kutsogolo achepa. Pa funso lako R2 ndiye kanjira kopatukako. Karenti ikadutsa mu R1 imagawika, ina imatsika mu R2, yotsalayo ndiyo imalowa mu R3. Choncho R1 ndi R3 sizinyamula karenti yofanana, ndipo kuziphatikiza n'kosaloledwa.

Paralelo nayo ili ndi muyeso wake. Marezista awiri ali pa paralelo ngati miyendo yawo yonse iwiri yagwira pa malo amodzimodzi, uku pamodzi, ukonso pamodzi. Zikatero voteji ya pa onsewo ndi imodzi. Tayang'ana R2 ndi R4. Kunsi zonse zagwira waya wobwerera ku batire, n'zoona. Koma kumtunda R2 yagwira R3 isanayambe, pamene R4 yagwira R3 itatha. Mbali imodzi yokha ndiyo yofanana, ndiye si paralelo.

Njira imene ndimaumiriza ana anga ndi yopatsa dzina mphambano iliyonse usanagwire kakyuleta. Tenga pensulo, yambira pa mutu wa batire wa +, ndipo tsata wayawo mpaka utagunda rezista. Waya yense amene wadutsa osadumpha rezista ndi malo amodzi, kaya ndi wautali chotani, kaya wakhota kangati. Umutche A. Dumpha R1, ndipo waya yense wa tsidya linalo umutche B. Pitiriza motero mpaka mawaya onse atatha. Pa seketi yako mphambano zilipo zinayi: A pa mutu wa +, B pakati pa R1 ndi R3, C kumapeto kwa R3, ndi D amene ndi waya yense wapansi mpaka ku mutu wa − wa batire. Tsopano lemba rezista iliyonse ndi zilembo ziwiri za miyendo yake:

```
R1 =  4 Ω   A–B
R2 = 12 Ω   B–D
R3 =  3 Ω   B–C
R4 =  4 Ω   C–D
R5 = 12 Ω   C–D
```

Ukalemba chonchi, chithunzi sichingakunamizenso. Amene ali ndi zilembo zofanana zonse ziwiri ali pa paralelo: apa ndi R4 ndi R5 basi, onse ndi C–D. Pofuna sirizi, funafuna chilembo chimene chikuoneka kawiri kokha, ndipo chisakhale cha pa mutu wa batire. B akuoneka katatu, C nayenso katatu. Ndiye pakadali pano pa seketi yonseyi palibe marezista awiri amene ali pa sirizi, ngakhale maso akukuuza kuti alipo. Poyambira ndi pamodzi pokha, pa R4 ndi R5.

```
1/R45 = 1/4 + 1/12 = 3/12 + 1/12 = 4/12
R45   = 12/4 = 3 Ω
```

Mzere wachiwiriwo usauiwale. Chimene kuphatikiza kwakupatsa, 4/12, si rezistansi ayi, ndi 1/R. Uyenera kutembenuza. Ndaona mapepala ambiri olembedwa 0.33 Ω pa malo ngati amenewa, mwana atachita zonse bwinobwino n'kuiwala kutembenuza kokhako.

Kenako jambulanso seketi yonse, pa malo a R4 ndi R5 uike rezista imodzi ya 3 Ω pakati pa C ndi D. Ana ambiri amadana ndi kujambulanso, amati kukutha nthawi ya mayeso. Ine ndimati theka la mphindi lojambulira ndi lotchipa kuposa mamalikisi onse a funsolo. Komanso ochonga amaona pamene wafika, ndipo ngati wapunthwa kumapeto, ntchito ya pakatiyo imaonekabe. Utajambulanso, werenganso zilembo. C tsopano akuoneka kawiri kokha, pa R3 ndi pa R45. Sirizi imene kunalibe poyamba yabadwa chifukwa cha sitepe yoyamba ija.

```
R345 = 3 + 3 = 6 Ω     B–D
```

C wachoka pa chithunzi. Kwatsala R1 pa A–B, R2 pa B–D, ndi R345 pa B–D. Ziwiri zomalizazi zili ndi zilembo zofanana, ndiye ndi paralelo. Pa marezista awiri pali njira yachidule: chulukitsa awiriwo, n'kugawa ndi chimene wapeza ukawaphatikiza.

```
R2345 = (12 × 6) / (12 + 6) = 72/18 = 4 Ω     B–D
R     = 4 + 4 = 8 Ω                           A–D
```

Pa mzere womalizawo B watsala kawiri kokha, ndiye tsopano R1 yapeza inzake ya sirizi. Taona kuti R1, imene iwe unayambira, ndiyo yomaliza kuphatikizidwa. Nthawi zambiri zimakhala choncho pa maseketi okhala ngati makwerero: umayambira kutali ndi batire n'kumabwerera cha kubatire. Koma usaumirire kuti nthawi zonse poyambira ndi kumanja kwa pepala, chifukwa wolemba mayeso akhoza kuika batire pakati kapena kutembenuza chithunzi. Zilembo ndizo zikuuze poyambira.

Njira yachidule ija ili ndi msampha. Imagwira pa marezista awiri okha. Ukaiyesa pa atatu nthawi imodzi, mwachitsanzo atatu a 6 Ω, upeza 216 kugawa ndi 18, amene ndi 12 Ω, pamene yankho loona ndi 2 Ω. Akakhala atatu, tenga awiri kaye, chotulukacho uchiphatikize ndi yachitatu, kapena bwerera ku fomula ya 1/R. Akakhala ofanana onse, ingogawa rezistansi ya imodzi ndi chiwerengero chawo: 6 kugawa ndi 3.

Mwina unafunsapo chifukwa chake sirizi timangophatikiza pamene paralelo timatembenuza. Zonse zikuchokera pa lamulo la Ohm, limene Georg Ohm wa ku Germany anasindikiza mu 1827, lija loti V = IR. Pa sirizi karenti ndi imodzi, koma rezista iliyonse imadya gawo lake la voteji, IR1 ndi IR2. Magawowo ukawaphatikiza amakwana voteji yonse, ndipo ukagawa ndi I umatsala ndi R1 + R2. Pa paralelo zinthu zatembenuka: voteji ndiyo imodzi, makarenti ndiwo amaphatikizana, V/R1 ndi V/R2. Ukagawa ndi V umatsala ndi 1/R1 + 1/R2. Ukamvetsa zimenezi, ngakhale fomula itakuthawa m'chipinda cha mayeso ukhoza kuipanganso pambali pa pepala.

Pamenepa pakutulukanso njira yodziyesera wekha imene sifuna kakyuleta. Kuwonjezera njira ina ya paralelo kumangotsegulira karenti mpata wina, choncho yankho la paralelo liyenera kuchepera rezista yaing'ono kwambiri pa gululo. Pa 4 Ω ndi 12 Ω tinapeza 3 Ω, yochepera 4. Pa 12 Ω ndi 6 Ω tinapeza 4 Ω, yochepera 6. Koma kuchepako kuli ndi malire ake: pa marezista awiri yankho silingatsike kupitirira theka la yaing'onoyo. Ndiye amene walemba 0.33 Ω pa 4 Ω ndi 12 Ω akanadzigwira yekha, popeza yankho liyenera kukhala pakati pa 2 ndi 4.

Komabe ndikuchenjeze kuti 9.4 Ω yako ija kuyesa kotereku sikukanaigwira, chifukwa sitepe iliyonse payokha inali yooneka bwino. Chimene chimagwira kulakwa kwa mtundu umenewu ndi kuyenda chobwerera, ndipo ntchito imeneyi ndiyonso imene mafunso otsatira pa mayeso amafuna. Tiyeni tiichite. Batire la 12 V likuona 8 Ω, ndiye karenti yotuluka ndi 12 kugawa ndi 8, kapena kuti 1.5 A. Yonseyi imadutsa mu R1, imene imadya 1.5 × 4, ndiye 6 V. Pakati pa B ndi D patsala 6 V. R2 yagwira B ndi D, choncho imatenga 6 kugawa ndi 12, ndiye 0.5 A. Nthambi ya 6 Ω ija imatenga 1 A. Phatikiza 0.5 ndi 1, wapeza 1.5 A imene inalowa pa B. Zagwirizana. Tsopano 1 A ija ikadutsa mu R3 imasiya 3 V, ndipo pakati pa C ndi D patsala 3 V. R4 imatenga 0.75 A, R5 imatenga 0.25 A, zonse pamodzi 1 A. Zagwirizananso. Manambalawa akuonetsa poyera chimene chinalakwika: mu R1 mukudutsa 1.5 A, mu R3 mukudutsa 1 A. Marezista onyamula makarenti osiyana chonchi sangakhale pa sirizi.

Pali china chimene mabuku ambiri amangodutsapo mwachangu, koma ine ndimachiona chofunika. Rezistansi imodzi imene tikufunayi si ya seketi payokha, ndi ya pakati pa malo awiri otchulidwa. 8 Ω ija ndi ya pakati pa A ndi D. Tachotsa batire, ndipo wina akufunse rezistansi ya pakati pa C ndi D pa marezista asanu omwewa. Tsopano mwendo wa R1 wa ku A ukungolendewera, sunagwire kalikonse, ndiye mu R1 simudutsa karenti ndipo timaifafaniza. R1 ikachoka, B watsala kawiri kokha, ndipo R3 ndi R2 zasanduka sirizi ya 15 Ω pakati pa C ndi D. Imeneyi ili pa paralelo ndi 3 Ω ija ya R4 ndi R5, ndipo 45 kugawa ndi 18 ndi 2.5 Ω. Marezista ndi omwewo, mawaya ndi omwewo, yankho lasintha. Choncho usanayambe funso lililonse, ika chizindikiro pa malo awiri amene akukufunsawo.

Njira ya zilembo imagwiranso misampha ina iwiri imene olemba mayeso amaikonda. Woyamba ndi waya wopanda kanthu wodumpha rezista, kapena swichi yotseka, yolola karenti kudutsa, yoikidwa mbali ndi mbali ndi rezistayo. Ukatsata ndi pensulo upeza kuti miyendo yonse iwiri ya rezistayo ili ndi chilembo chimodzi. Palibe voteji pa iyo, palibe karenti, ichotse. Pa seketi yako, waya atalumikiza C ndi D, R4 ndi R5 zonse zingafe, ndipo R3 ingakhale pa paralelo ndi R2: 36 kugawa ndi 15 ndi 2.4 Ω, kuphatikiza R1 ndi 6.4 Ω. Wachiwiri ndi swichi yotsegula, imene imasiya nthambi ikulendewera monga R1 ija. Samalanso ndi mayuniti. Ukaona 2.2 kΩ ndi 470 Ω pa funso limodzi, sandutsa yoyambayo kukhala 2200 Ω usanaphatikize chilichonse.

Ngati kusukulu kwanu kuli mita yoyezera, kapena pali wokonza mawailesi ndi mafoni pafupi amene angakubwereke, manga seketiyi ndi manja ako. Kuona nambala imene wawerengera ikutuluka pa mita kumakhazikitsa phunziro kuposa mafunso khumi a m'buku. Koma usaimange ndi manambala a pa funsoli. R1 yokha ingatulutse kutentha kwa I²R, kumene ndi 1.5 × 1.5 × 4, ndiye 9 W. Timarezista tating'ono ta mizere yamitundu timene timapezeka m'mawailesi nthawi zambiri timapirira 0.25 W yokha. Kangatenthe, kunuka, n'kuda bii m'kanthawi kochepa, ndipo kangakuwotche chala. Chulukitsa rezista iliyonse ndi 1000, kuti ukhale ndi 4 kΩ, 12 kΩ ndi 3 kΩ. Yankho likhala 8 kΩ, ndipo pa 12 V karenti ikhala 1.5 mA, mavoteji onse akhala omwe aja. Ya 4 kΩ yeniyeni sipezekapezeka, koma ziwiri za 2 kΩ pa sirizi zikupatsa, kapena tenga ya 3.9 kΩ n'kuwerengeranso ndi nambala imeneyo.

Mita ikaonetsa 7.9 kΩ kapena 8.2 kΩ usadandaule. Rezista ya mzere wagolide kumapeto imaloledwa kusiyana ndi nambala yake ndi 5 peresenti uku kapena uku, choncho chilichonse cha pakati pa 7.6 ndi 8.4 kΩ n'cholondola. Poyeza rezistansi batire likhale lochotsedwa, chifukwa mita imatumiza kakarenti kakekake, ndipo voteji ina ikakhalapo imanamiza kapena kuwonongeka kumene. Usatsine nsonga zonse ziwiri zachitsulo ndi zala, popeza thupi lako limalowa pa paralelo ndi chimene ukuyezacho, ndipo pa marezista akuluakulu nambala imatsika. Chinanso, ukaika mita pa miyendo ya R2 ili yolumikizidwa, siionetsa 12 kΩ. Ionetsa 4 kΩ, chifukwa ikuyeza zonse za pakati pa B ndi D. Anthu ambiri ataya marezista abwinobwino poganiza kuti ndi akufa chifukwa cha zimenezi. Ukafuna kuyeza imodzi yokha, zula mwendo wake umodzi.

Njira imeneyi ili ndi pothera pake. Imafuna marezista amene nambala yawo sisintha. Babu lakale la kawaya kowala silili choncho: la 60 W pa 230 V limakhala ndi pafupifupi 880 Ω likayaka, koma likazizira mita imaonetsa zosakwana 100 Ω. Pa mayeso akakupatsa rezistansi ya babu, gwiritsa ntchito yomweyo, koma dziwa kuti pa benchi sizingagwirizane.

Ndipo alipo maseketi amene sangaphwanyike ndi sirizi ndi paralelo ngakhale utajambulanso kangati. Lodziwika kwambiri ndi mlatho wa Wheatstone: marezista awiri achoka pa A kupita pa B ndi pa C, ena awiri achoka pa B ndi pa C kupita pa D, ndipo yachisanu yalumikiza B ndi C. Lemba zilembo zake, A–B, A–C, B–D, C–D, B–C, ndipo uona kuti palibe awiri ofanana, komanso B ndi C akuoneka katatu aliyense. Poyambira palibe. Pali mwayi umodzi wokha: ngati A–B kugawa ndi B–D ikufanana ndi A–C kugawa ndi C–D, voteji ya pa B ndi ya pa C ndi imodzi, mu yapakatiyo simudutsa karenti, ndipo ukhoza kuichotsa n'kupitiriza monga mwa masiku onse. Zikapanda kufanana pamafunika malamulo a Kirchhoff a mu 1845, kapena kusandutsa marezista atatu a makona atatu kukhala a nyenyezi, njira imene Arthur Kennelly anafalitsa mu 1899. Ukakumana ndi seketi yotero usalimbane nayo ola lathunthu. Pita nayo kwa aphunzitsi ako a Fizikisi pamodzi ndi mndandanda wa zilembo umene walemba, kuti aone ngati ulidi mlatho kapena pali mphambano imene waitcha mayina awiri mosadziwa.

Zoyeserera zako zonse zikhale za mabatire a tochi kapena kabatire ka 9 V. Batire la galimoto kapena la sola, ngakhale ndi la 12 V, limatulutsa karenti yokwana kufiiritsa waya mawaya akangogundana, ndiye lisiye. Magetsi a m'nyumba a 230 V amapha, ndipo mita yoikidwa pa Ω sayandikira nayo soketi n'komwe. Ngati ku nyumba kwanu kuli vuto la mawaya, aitane katswiri wa zamagetsi amene ali ndi chiphaso.

Sabata ino tenga mapepala a mayeso akale, sankha maseketi asanu osakanikirana, ndipo pa ulendo woyamba usawerengere chilichonse. Ingotcha mphambano mayina, lemba mndandanda, n'kuzungulira awiri amene uyambire. Ukatero bwerera ku loyamba, uliphwanye mpaka pa rezista imodzi, n'kuyenda chobwerera kuti uone ngati makarenti akukwanirana pa mphambano iliyonse. Likakukanika lina, unditumizire chithunzi chake pamodzi ndi zilembo zimene waika.